Kutulutsa milingo, chindapusa ndi masiku a malipoti mu mgwirizano wa intaneti

Funso: Ndimayang'anira zogula pa bungwe losunga ndi kubwereketsa ndalama lomwe lili ndi maofesi anayi. Tili ndi mgwirizano wa masamba makumi atatu ndi kampani yotipatsa intaneti. Intaneti imadukaduka, koma lipoti lawo mwezi uliwonse limati zonse zili bwino. Abwana andiuza kuti nditulutse zofunika mu mgwirizanowu kuti tiziwalondoloza. Ndiyambire pati, ndipo ndilembe chiyani?

Yankho: Mayi, mwina mwaiona kale nambala imene kampaniyo imanyadira, monga yoti intaneti imagwira ntchito 99.5 peresenti ya nthawi, ndipo mukhoza kuganiza kuti mukaikopera pa pepala ndiye kuti ntchito yatha. Nambala imeneyo payokha singakuthandizeni kupeza ngakhale tambala imodzi. Imayamba kugwira ntchito mukadziwa kuti nthawi imayamba kuwerengedwa liti, imasiya liti, ndi mphindi ziti zomwe siziwerengedwa, ndalama zake ndi zingati, ndipo muli ndi masiku angati oti muzifunse. Zinthu zimenezi kawirikawiri sizilembedwa pa tsamba limodzi, n'chifukwa chake lipoti lawo limatha kunena zoona malinga ndi mgwirizano pomwe inu mu ofesi mukuvutika.

Yambani ndi kusonkhanitsa mapepala onse, osati mgwirizano waukulu wokha. Pamakhala zowonjezera zakumapeto, fomu yomwe munasaina poitanitsa ntchitoyo, makalata osintha mitengo, ndipo nthawi zina mfundo zina zimangotchulidwa kuti zili pa webusaiti ya kampani. Zimenezo zisindikizeni n'kulembapo tsiku, chifukwa zimatha kusinthidwa inu osadziwa. Kenako pezani ndime yomwe imanena pepala lomwe limaposa linzake zikasemphana. Fomu ikanena kuti 99.9 pomwe chowonjezera chikunena 99.5, ndime imeneyi ndiyo imakuuzani nambala yoti mulembe.

Popeza mgwirizanowo mosakayikira uli m'Chingerezi, utsegulireni pa kompyuta n'kufufuza mawu awa limodzilimodzi, ndipo paliponse pomwe apezeka lembani nambala ya ndime:

```
availability, downtime, response time, restore
service credit, cap, sole remedy, set-off
business day, business hours, measurement period
planned maintenance, exclusions, force majeure
report, notice, claim, terminate
```

Kufufuza kumeneku kukungokulozerani malo, sikulowa m'malo mwa kuwerenga. Ndime ya matanthauzo, yomwe ambiri amaidumpha chifukwa ndi yotopetsa, iwerengeni yonse mofatsa. Mawu akayamba ndi chilembo chachikulu pakati pa chiganizo, dziwani kuti ali ndi tanthauzo lawolawo lomwe lalembedwa kwina, ndipo tanthauzo limenelo nthawi zambiri ndi lopapatiza kuposa mmene ife timaganizira.

Tsopano tsegulani tebulo mu Excel. Lonjezo lililonse likhale ndi mzere wake, ndipo mzerewo uyankhe mafunso awa: chomwe chikuyezedwa, mlingo wake, nyengo yoyezera, pomwe nthawi imayambira ndi pomwe imathera, zomwe siziwerengedwa, yemwe amayeza ndi chida chake, ndalama zobwezedwa akalephera, tsiku lomaliza lofunsira ndalamazo, ndi nambala ya ndime. Danga la nambala ya ndime musalisiye konse. Tsiku lomwe mudzakhale pa tebulo limodzi ndi kampaniyo, kunena kuti mgwirizano umatero sikudzakwanira, adzafuna muwalozere ndime yake. Ndipo pomwe mgwirizano sunanene kanthu, lembani kuti sunanene. Musadzazemo zomwe mukuganiza kuti ndi zoyenera, chifukwa pakapita miyezi inu nomwe mudzaziwerenga ngati zochokera mu mgwirizano.

Kuti zimveke bwino, tiyeni tiyerekeze mgwirizano wonga wanuwo, ndi manambala ongopeka omwe inu mudzasinthe ndi anu. Ofesi yaikulu imalipira K1,800,000 pa mwezi. Kampani yalonjeza kuti intaneti izigwira ntchito 99.5 peresenti ya nthawi mwezi uliwonse. Ikatsika pa 99.5 koma osatsika pa 99.0, akubwezerani 5 peresenti ya bilu ya mweziwo. Ikatsika pa 99.0 koma osatsika pa 98.0, akubwezerani 10 peresenti. Ikatsika pa 98.0 ndi 20 peresenti, ndipo pamenepo ndiye pothera.

Choyamba sandutsani peresentiyo kukhala mphindi, chifukwa palibe wogwira ntchito amene angaone 0.5 peresenti ndi maso. Mwezi wa masiku 30 uli ndi maola 720, omwe ndi mphindi 43,200. Theka la peresenti imodzi ya mphindi zimenezi ndi mphindi 216, kutanthauza maola atatu ndi mphindi 36. Ameneyu ndiye mpata womwe kampani ili nawo mwezi wonse popanda kulipira kanthu. Mlingo ukanakhala 99.9, mpatawo ukanangokhala mphindi 43 ndi pang'ono, ndipo ukanakhala 99.0 ukanakhala maola asanu ndi awiri ndi mphindi 12. Manambalawa pa pepala amaoneka oyandikana, koma mu ofesi momwe anthu ali pa mzere kudikira ndalama zawo kusiyana kwake n'kwakukulu. Lembani mphindizo pambali pa peresenti mu tebulo lanu, ndipo muziwerengera mwezi uliwonse pawokha popeza wa masiku 31 uli ndi mphindi 44,640.

Funso lotsatira, lomwe ndimaliona kuti ndi lolemera kuposa mlingo weniweniwo, ndi la nyengo yoyezera. Tinene kuti mu Juni intaneti inaduka mphindi 495. Poyeza pa mwezi, zimenezi ndi 98.85 peresenti ndipo kampani yalephera. Koma mgwirizano ukamayeza pa miyezi itatu, Epulo mpaka Juni, masiku ndi 91, mphindi ndi 131,040, ndipo mpata wawo umakula kufika mphindi 655. Miyezi iwiri inayo ikakhala yopanda vuto, mphindi 495 zomwezo zikukwanira mu mpatawo ndipo kampani yakhoza. Inu muli ndi maofesi anayi, choncho onaninso ngati amayeza ofesi iliyonse payokha kapena amaphatikiza onse. Akaphatikiza, mphindi zonse zimakhala 172,800, ndipo ofesi imodzi yomwe yaduka mphindi 495 pomwe ena atatu ali bwino imabisika mu 99.71 peresenti. Ndikuganiza kwambiri kuti lipoti lomwe limakufikirani lonena kuti zonse zili bwino limachokera pa chimodzi mwa ziwirizi, kapena pa nkhani ya tikiti yomwe tikufikapo tsopano.

Migwirizano yambiri imanena kuti nthawi yoduka imayamba kuwerengedwa pomwe kasitomala wadziwitsa kampani kudzera m'njira yovomerezeka n'kupatsidwa nambala ya tikiti, osati pomwe intaneti yaduka. Njira yovomerezekayo imatchulidwa, mwina imelo inayake kapena nambala ya foni ya ofesi yothandiza makasitomala. Kwathu kuno timakonda kuimbira mnyamata amene anabwera kudzaika rauta, kapena kumulembera pa WhatsApp chifukwa tinazolowerana naye ndipo amayankha msanga. Akhoza kukuthandizani ndithu, koma ngati tikiti sinatsegulidwe, m'mabuku a kampani tsikulo intaneti sinaduke. Choncho danga limeneli mukalidzaza, musalisiye mu tebulo mokha. Lilembeni pa pepala n'kulimata pafupi ndi rauta mu ofesi iliyonse: intaneti ikaduka, lembani nthawi, tsegulani tikiti pompo, lembani nambala yake, kenako imbirani amene mumamudziwayo. Onaninso pomwe nthawi imathera. Kodi ndi pomwe kampani yanena kuti yakonza, kapena pomwe inu mwavomereza kuti zikugwira? Ndipo kodi amaloledwa kuimitsa nthawi pamene akudikira yankho lanu kapena kiyi wa chipinda cha makina? Ambiri amaloledwa, n'chifukwa chake imelo yawo yofunsa funso laling'ono siyenera kugona osayankhidwa.

Tiyeni tsopano tiwerenge mwezi wa Juni uja mokwanira, ndi zochitika zinayi pa ofesi yaikulu.

Pa 4 Juni intaneti inaduka 7:40 m'mawa. Ogwira ntchito anayamba ayesa kuzimitsa ndi kuyatsa rauta, kudikira kuti mwina ibwera, ndipo tikiti inatsegulidwa 9:10. Inabwerera 11:25. Inu munavutika mphindi 225, koma zowerengedwa ndi 135 zokha. Mphindi 90 zinazo zatayika ndipo palibe chomwe mungachite.

Pa 11 Juni usiku kampani inali ndi ntchito yokonza makina yomwe inakudziwitsani masiku asanu isanachitike, monga momwe mgwirizano wathu woyerekezawu ukufunira, kuti idzayamba 11 koloko usiku kufika 3 koloko m'bandakucha. Mphindi 240 zimenezi siziwerengedwa. Koma ntchitoyo inatha 4:30. Mphindi 90 zopitirirazo sizinali m'chidziwitso, choncho zikuyenera kuwerengedwa ngati kuduka wamba, pokhapokha ndime itanena zosiyana. Usiku umenewo mu ofesi munalibe munthu, ndipo mungadziwe zimenezi pokhapokha mutakhala ndi chida chanu choyang'anira. Apa panso funsani ngati lamulo la tikiti likugwira pa ntchito yomwe kampani yokha inayambitsa. Mu chitsanzo chathu tinene kuti silikugwira, popeza iwo anali kale ndi tikiti yawo ya ntchitoyo.

Pa 18 Juni magetsi anazima pa ofesi yanu ndipo jenereta inakana kulira kwa maola atatu. Mphindi 180 zimenezi ndi zanu, musaziike pa kampani. Ndikukulangizani kuti muzizilemba m'kaundula wanu n'kuzichotsa nokha poyera, chifukwa kaundula amene amavomereza zolakwa za mbali yake amakhulupirika pa zina zonse. Koma siyanitsani bwino: magetsi akazima pa ofesi yanu ndi nkhani yanu, koma akazima pa nsanja kapena pa makina a kampani n'kutha mabatire awo, imeneyo ndi nkhani yawo, pokhapokha mgwirizano utawamasula. M'dziko lomwe kuzima kwa magetsi si chachilendo, werengani ndime imeneyi kawiri. Njira yodziwira ndi yosavuta: ngati rauta yanu ikuyaka ndipo makompyuta akuonana mu ofesi koma kunja sakufika, vuto silili pa magetsi anu. Jambulani magetsi a pa rautayo ndi foni, chithunzicho chimasunga nthawi.

Pa 25 Juni chingwe cha faiba chinadulidwa ndi anthu okumba ngalande 1 koloko masana. Tikiti inatsegulidwa 1:05 ndipo intaneti inabwerera 5:35, mphindi 270. Kampani ikunena kuti silinali vuto lake. Apa musatsutsane nawo ndi maganizo, pitani pa mndandanda wa zosawerengedwa ndi pa ndime ya ngozi zoposa mphamvu za munthu. Ndime imeneyi inapangidwira zinthu monga namondwe Freddy wa mu Malichi 2023, amene anakokolola misewu ndi milatho kuchigawo cha kummwera. Kudulidwa kwa chingwe ndi wokumba kapena wakuba kumalowamo pokhapokha zitalembedwa, kapena mawu a ndimeyo atakhala otambalala mokwanira, ndipo makampani ena amazilembadi. Onaninso ngati ndimeyo ikufuna kuti kampani ikudziwitseni m'kalata pasanathe masiku akutiakuti kuti ikudalira ndime imeneyi. Mu chitsanzo chathu kudulidwa kwa chingwe sikunalembedwe ndipo kalata sinabwere, choncho mphindi 270 zikuwerengedwa.

Tikaphatikiza 135, 90 ndi 270 tikupeza mphindi 495. Mu Excel, mphindi za mwezi zikakhala mu B2 ndipo zoduka zili mu C2, lembani:

```
=1-C2/B2
```

Yankho ndi 98.85 peresenti, zomwe zikugwera mu gawo la 10 peresenti, ndiye kuti K180,000. Lipoti la kampani likangowerenga za pa 4 Juni zokha lionetsa 99.69 peresenti, n'kunena kuti yakhoza. Ikavomera za chingwe koma n'kukana mphindi 90 za usiku uja, mphindi zikhala 405, peresenti ikhala 99.06, ndipo mulandira K90,000. Taonani kuti ola limodzi ndi theka la usiku womwe palibe anauona likusintha ndalama ndi theka lathunthu. Pamene nambala yayandikira malire a gawo chotere, fufuzaninso ngati mgwirizano ukunena za kufupikitsa manambala a pambuyo pa kadontho, popeza 98.96 ikafupikitsidwa potenga nambala yoyandikana nayo kwambiri yokhala ndi nambala imodzi pambuyo pa kadontho imasanduka 99.0 n'kukwera gawo. Migwirizano ina imachotsanso mphindi za ntchito yokonza ija pa mphindi za mwezi wonse musanagawe. Pano sizikusintha yankho, koma lembani njira yomwe mgwirizano wanu watchula ndipo muzitsata yomweyo.

Chida choyang'anira chomwe ndatchula sichifuna ndalama zambiri. Wa makompyuta wanu akhoza kuika pulogalamu yaulere monga Uptime Kuma kapena Zabbix pa kompyuta yosazimitsidwa, yomwe mphindi iliyonse imayesa kufika pa rauta yanu komanso pa adiresi ina yakunja, n'kulemba nthawi yomwe yalephera. Kuyesa mbali ziwirizi n'komwe kumasiyanitsa vuto la mkati ndi la kunja. Dziwani komabe kuti mgwirizano ukhoza kunena kuti muyeso wa kampani ndiwo wotsatidwa. Zikatero kaundula wanu sapambana yekha, koma amakupatsani tsiku ndi ola loti muwafunse kuti atulutse zolemba za makina awo, ndipo funso lotchula ola lenileni n'lovuta kulizemba.

Malonjezo a nthawi yoyankha ndi nthawi yokonza akhale pa mizere iwiri yosiyana. Kuyankha pasanathe mphindi 30 kukhoza kungotanthauza imelo yodzitumiza yokha yonena kuti dandaulo lanu lalandiridwa. Kukonza pasanathe maola anayi ndiye lonjezo lenileni, koma onani ngati maolawo ndi a usana ndi usiku kapena a nthawi ya ntchito okha. Ngati nthawi ya ntchito ndi 8 koloko mpaka 5 koloko, Lolemba mpaka Lachisanu, intaneti yoduka Lachisanu 4 koloko madzulo ikhoza kukonzedwa Lolemba 11 koloko m'mawa kampani ili yosalakwa, chifukwa ola limodzi ndi la Lachisanu ndipo atatu ndi a Lolemba. Pa wotchi ya pakhoma apita maola 67. Ngati maofesi anu amatsegula Loweruka m'mawa, mpata umenewu uuzeni abwana lero. Onaninso amene amasankha kukula kwa vuto, chifukwa maola anayi nthawi zambiri amakhala a vuto la gulu loyamba lokha, ndipo intaneti yoyenda pang'onopang'ono kwambiri ikhoza kuikidwa m'gulu lachitatu lomwe lili ndi masiku. Mu chitsanzo chathu, za pa 25 Juni zinatenga maola anayi ndi theka, choncho lonjezo lokonza linaswedwanso. Musanaphatikize ndalama za kuduka ndi za kuchedwa kukonza, fufuzani ndime yomwe imanena kuti pa chochitika chimodzi mumalandira chachikulu chokha mwa ziwirizo. Imapezeka kawirikawiri.

Pa nkhani ya chindapusa, mudzaona kuti mgwirizano umapewa kuzitchula kuti chilango. Malamulo athu a migwirizano anachokera ku malamulo a ku England, komwe makhoti kale, monga pa mlandu wa Dunlop wa mu 1914, anasiyanitsa ndalama zoyerekeza kutaya kwenikweni ndi ndalama zongoopsezera, ndipo zongoopsezerazo sazikakamiza. N'chifukwa chake zimalembedwa ngati kuchotsera pa bilu chifukwa ntchito inaperewera. Kwa inu chofunika ndi kulemba zinthu zinayi. Peresentiyo ndi ya ndalama ziti, bilu yonse kapena ya ofesi yomwe yavutikayo yokha, ndipo msonkho wa VAT ulimo kapena ayi. Malire ake ndi ati pa mwezi ndi pa chaka. Zimabwera zokha kapena muyenera kuzifunsa. Ndipo kodi ndime ikunena kuti kuchotserako ndiko chithandizo chanu chokhacho, zomwe zimatseka njira yofuna chipukutamisozi china. Mu chitsanzo chathu malire ndi K360,000, choncho ngakhale intaneti itaduka sabata yathunthu simungapitirire pamenepo. Abwana adziwe zimenezi, kuti asayembekezere kuti ndalamazi zidzalipira zomwe bungwe lataya. Ntchito yake ndi kupangitsa kampani kumva kuwawa pang'ono ndi kukusiyirani umboni wolembedwa.

Chenjezo limodzi: musadzichotsere nokha K180,000 polipira invoisi ngati mgwirizano sukukulolani kutero. Mukalipira moperewera popanda ndime yokulolani, inu ndi amene mumakhala ndi ngongole, ndipo kampani ikhoza kukudulani kapena kuika chiwongoladzanja. Lipirani zonse, funsani m'kalata, ndipo pemphani kirediti noti kuti mabuku a akawunti ndi a msonkho agwirizane.

Masiku a malipoti ndiwo amataitsa anthu ndalama mwakachetechete kuposa china chilichonse. Pali masiku atatu oti muwatulutse, ndipo amalumikizana. Loyamba ndi lomwe kampani iyenera kutumiza lipoti, tinene pasanathe masiku asanu a ntchito mwezi ukatha. Lachiwiri ndi lomwe inu muyenera kutsutsa lipotilo, ndipo ndime zina zimati mukakhala chete masiku khumi ndiye kuti mwavomereza. Lachitatu ndi lomaliza lofunsira ndalama, tinene masiku 30. Pa lachitatuli yang'anitsitsani poyambira: masiku 30 kuchokera pa kutha kwa mwezi, pa tsiku la vutolo, kapena pa tsiku lomwe mwalandira lipoti? Ngati ndi kuchokera pa kutha kwa mwezi, za Juni zimatsekeka pa 30 Julayi, ndipo lipoti likachedwa n'kufika pa 25 Julayi mwatsala ndi masiku asanu okha. Ngati ndi kuchokera pa tsiku la vuto, za pa 4 Juni zimatha pa 4 Julayi, mwina lipoti lisanafike n'komwe. Choncho musamadikire lipoti lawo. Tumizani kalata yanu potengera kaundula wanu, n'kunena kuti manambala mudzawatsimikizanso lipoti likafika.

Powerenga masiku a ntchito musaiwale maholide, monga 6 Julayi lomwe limagwera mkati mwenimweni mwa nthawi ya lipoti la Juni, kapena 3 Malichi pa lipoti la Febuluwale. Lembani maholide a chaka chonse mu danga limodzi, tinene H2 mpaka H20, ndipo tsiku lomaliza la mwezi likakhala mu A2, Excel ikuwerengerani:

```
=WORKDAY(A2,5,$H$2:$H$20)
=A2+30
```

Mzere woyamba ukupereka tsiku la lipoti, wachiwiri tsiku lomaliza lofunsira ndalama ngati masikuwo ndi a pa kalendala. Pa kalendala yanu ikani chikumbutso sabata imodzi tsikulo lisanafike. Kuchedwa kwa lipoti nakonso kulembeni mwezi ndi mwezi, popeza kutumiza lipoti ndi lonjezo palokha ngakhale litakhala lopanda chindapusa. Tulutsaninso zomwe lipotilo liyenera kukhala nazo. Ngati mgwirizano ukunena kuti lizitchula tikiti iliyonse, nthawi yake ndi chomwe chinayambitsa, lipoti la tsamba limodzi lokhala ndi peresenti yokha silinakwaniritse, ndipo muli ndi ufulu wolibweza.

Kalata yofunsira ndalama ikhale yaifupi. Tchulani mwezi, ofesi, nambala za matikiti, mphindi za chilichonse, peresenti yomwe mwapeza, ndime yomwe mukudalira ndi ndalama zake. Itumizeni kwa munthu ndi adiresi yomwe yalembedwa mu ndime ya zidziwitso, chifukwa kalata yopita kwa wogulitsa amene mumacheza naye ikhoza kukanidwa kuti sinafike mwa dongosolo. Sungani umboni woti inatumizidwa.

Mzere womaliza mu tebulo ukhale wa kulephera kobwerezabwereza. Migwirizano yambiri imalola kasitomala kutuluka popanda kulipira miyezi yotsala ngati mlingo walephereka, mwachitsanzo, miyezi itatu yotsatizana kapena inayi pa miyezi 12. Ufulu umenewu umaposa ndalama zonse zochotseredwa zija, koma umadalira kuti mwezi uliwonse wolephera ukhale wolembedwa ndi wovomerezedwa pa nthawi yake. N'chifukwa chake ndimati funsani ngakhale mwezi womwe ndalama zake ndi zochepa, popeza kirediti noti iliyonse ndi kampani kuvomera ndi dzanja lake kuti mweziwo inalephera. Onani ngati ufuluwo uli ndi nthawi yoti muugwiritse ntchito, ndipo pambali pake lembani tsiku lomwe mgwirizano umadzionjezera wokha ndi masiku a chidziwitso ofunika kuti muukane. Mukafika poganiza zothetsa mgwirizano, kalata imeneyo ilembedwe ndi loya, chifukwa kuthetsa molakwika kumatembenuza mlandu kukhala wanu.

Tebulo likatha, litumizeni ku kampaniyo ndi imelo yonena kuti umu ndi mmene mwaumvera mgwirizano ndipo akuuzeni pomwe akuona mosiyana. Ndi bwino kusemphana pa tanthauzo la ndime panopa, pamene palibe ndalama yomwe ikukanganiridwa. Kenako tengani malipoti awo a miyezi itatu yapitayi, pemphani mndandanda wa matikiti onse a maofesi anayiwo, n'kuwerengera nokha ofesi iliyonse payokha mwezi ndi mwezi. Ngati pali mwezi womwe masiku ake ofunsira ndalama sanathe, yambani ndi umenewo sabata ino.